Mawu a pakanema kwa woonera wopanda phokoso: omata, a fayilo yapadera, kapena mitu yokha?

Tiyerekeze kuti mlangizi wa zaumoyo wajambula kanema wa masekondi 45, woimirira monga momwe foni imagwiridwira, akuphunzitsa amayi kasungunulidwe ka Thanzi ORS mwana akatsegula m'mimba. Mawu ake amamveka bwino, chithunzi chili bwino. Koma mayi amene alandire kanemayo ali m'minibasi, kondakitala akukuwa, wailesi ya dalaivala ikulira, ndipo mahedifoni alibe. Wina ali mu ofesi ya anthu asanu ndi mmodzi, sangakweze foni pamaso pa abwana. Onse awiriwa aonera kanemayo ali duu. Ngati pasikirini palibe cholembedwa, angoona munthu akugwedeza milomo atanyamula jagi.

Njira zoikira mawu pakanema wotere zilipo zinayi zimene anthu amagwiritsa ntchito kawirikawiri: fayilo yapadera ya mawu imene woonera angayatse kapena kuzimitsa, mawu omatidwa m'chithunzi momwemo, mitu ikuluikulu yokha yopanda zonse zimene zayankhulidwa, ndi mawu otumphuka limodzilimodzi ngati aja adzaza pa TikTok. Chimene chiyenera kukusankhirani njira si kukongola kwake. Dzifunseni mafunso awiri: kanemayu akakafika m'manja mwa munthu wachisanu amene wamutumizira mnzake, mawuwo adzakhala akadalipo? Nanga diso la munthu amene akugwedezeka pampando lidzawapirira liwiro?

Fayilo yapadera

Iyi ndi njira ya akatswiri a wailesi yakanema ndi makanema a pa intaneti. Mawu amalembedwa m'kafayilo kakang'ono kwambiri, kawirikawiri ka mtundu wa `.srt`, kamene kamauza pulogalamu yoonetsera kanema kuti mawu akuti aoneke pa sekondi yakuti n'kuchoka pa sekondi yakuti. Kafayiloka mungakalembe ngakhale mu Notepad, ngakhale kuti pulogalamu yaulere ya Subtitle Edit imapeputsa ntchito chifukwa imaonetsa mafunde a mawu, ndiye mumaona ndi maso pamene woyankhula wayambira ndi pamene wapumira. M'kati mwake mumakhala nambala ya chigawo, nthawi yoyambira ndi yothera, mawuwo, kenako mzere wopanda kanthu.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Mukalakwitsa chilembo, mumakonza kafayiloko n'kukakwezanso, kanema osamukhudza. Kanema mmodzi angakhale ndi fayilo ya Chichewa, ya Chitumbuka ndi ya Chingerezi, aliyense n'kusankha yake. Zilembo sizichita chimbuuzi netiweki ikafooka, chifukwa foni ndiyo imazijambula yokha pamwamba pa chithunzi. YouTube ndi Facebook zonse zimalandira mafayilo a `.srt`.

Vuto lake kwa ife ndi lalikulu. Kanema wa kuno sakhala pamene munamuika. Wina amamutsitsa pa Facebook, n'kumuponya m'gulu la WhatsApp la kumpingo, wina n'kumuika pa Status, wina n'kumutumizira mnzake pa Bluetooth pofuna kusunga bandulo. Pa ulendo wonsewu kafayilo kaja kamatsalira pakhomo loyamba. Ngakhale mutakalowetsa m'kati mwa fayilo ya `.mp4` ngati njira yachiwiri ya mawu, musadalire kuti poonetsera pa WhatsApp mawuwo atuluka. Ndiponso pamene mawuwo alipo, kuoneka kwake kumadalira mmene mwini foni anatchera. Amene sanayatse `CC` ndipo sadziwa kuti kabataniko n'kachiyani, saona kanthu.

Choncho fayilo yapadera payokha imayenera woonera wa mu ofesi, amene ali pa laputopu, akuonera kanema wautali wa maphunziro kapena wa msonkhano pa YouTube, ndipo amadziwa poyatsira. Kwa mayi wa m'minibasi uja, njirayi payokha sikwanira.

Mawu omata

Apa zilembo zimasanduka gawo la chithunzi. Kulikonse kumene kanema apite, zimapita naye, ndipo palibe batani lofunika kudina. Kwa kanema wamfupi amene mukudziwa kuti ayenda pa WhatsApp, ine ndimasankha njira iyi popanda kukayika.

Koma mtengo wake muudziwiretu. Cholakwika chimodzi, monga kulemba malita awiri m'malo mwa lita imodzi, chimayenda ndi kanemayo kufikira kumene simungamuitanitsenso. Chilankhulo chilichonse chimafuna kanema wakewake. Ndipo poti zilembo tsopano ndi chithunzi, zimafinyidwa pamodzi ndi chithunzicho: WhatsApp imachepetsa kanema pomutumiza, ndipo zoyamba kuwonongeka ndi timizere topyapyala. Zilembo zoonda, zamakongoletsedwe, zachikasu pakhoma loyera, zimaoneka bwino pakompyuta ya wokonza koma zimasungunuka pafoni yotchipa imene dzuwa la pawindo likuiwomba. Chimene chimapirira ndi zilembo zonenepa, zopanda timichira, zoyera, zokhala m'kabokosi kakuda kapena zozunguliridwa ndi mzere wakuda wochindikala.

Malo ake nawonso ndi nkhani. Pakanema woimirira, pansi penipeni pamakhala dzina la akaunti, mawu ofotokozera ndi malo oyankhira, ndipo pa TikTok ndi pa Reels kudzanja lamanja kuli mabatani. Mawu oikidwa m'munsi kwambiri amakwiririka. Akwezeni afike cha pa gawo limodzi mwa magawo asanu a kutalika kwa chithunzi kuchokera pansi, kapena kupitirirako pang'ono. Ndiye muonenso kuti sakuphimba chinthu chimene kanemayo akuphunzitsa. M'kanema wathu wa ORS, manja a mlangizi, jagi ndi paketi zili cha m'munsi mwa chithunzi. Mawu akakhala pamenepo, woonera awerenga zoti athire ufa koma saona mmene akuthirira. Pa zigawo zimenezo mawu apite pamwamba pa mutu wa mlangizi, kapena, chabwino koposa, wojambula asiyiretu malo tsiku lojambula.

Anthu ambiri amamata mawu polemba chigawo chilichonse ndi dzanja mu CapCut pafoni. Zimatheka, ndipo kwa kanema mmodzi wa masekondi 30 palibe cholakwika. Koma ngati mumatulutsa makanema sabata ndi sabata, yambani ndi fayilo ya `.srt` nthawi zonse, kenako muimate. Mukatero njira yoyamba ndi yachiwiri sizilimbananso: fayilo imodzi yomweyo ipita pa YouTube monga ilili, ndipo ndi yomwenso ibereke kanema womata wa pa WhatsApp. Pulogalamu yosinthira makanema ya HandBrake ili ndi kabokosi kolembedwa `Burn In` kochitira zimenezi. Amene amagwiritsa ntchito ffmpeg, pulogalamu imene mumaiuza zochita polemba lamulo, angalembe motere:

```
ffmpeg -i ors.mp4 -vf "subtitles=ors.srt:force_style='FontSize=10,Bold=1,BorderStyle=3,MarginV=60'" -c:a copy ors_mawu.mp4
```

Nambala 10 yo isakudabwitseni kuchepa. Pomata fayilo ya `.srt`, ffmpeg imawerengera kukula kwa zilembo ngati kuti chithunzi n'chotalika 288, kenako imakulitsa molingana ndi kanema weniweni. Pakanema wotalika mapikiselo 1920, zonse zimachulukitsidwa pafupifupi ka 6.7. Ndiye `FontSize=10` imatulutsa zilembo za mapikiselo pafupifupi 67, ndipo `MarginV=60` imakweza mawu ndi mapikiselo 400 kuchokera pansi. Amene alemba 24 poganiza za Word amapeza zilembo zadzaza theka la sikirini. `BorderStyle=3` ndi imene imaika kabokosi kumbuyo kwa mawu. Posunga fayilo sankhani `UTF-8`, apo ayi chilembo cha ŵ chidzatuluka ngati tizizindikiro tosamveka.

Liwiro la diso, pamene njira zonse zimayesedwera

Kaya mwasankha kumata kapena fayilo yapadera, pali chisankho china chimene chimaposa zonsezi kulemera: mulemba liwu lililonse limene latuluka pakamwa, kapena mufupikitsa?

Pakamwa pamathamanga kuposa diso, makamaka diso limene liyeneranso kuyang'ana chithunzi. N'chifukwa chake makampani a makanema amaika malire. Malamulo a Netflix a mawu a Chingerezi amalola mizere iwiri basi, zilembo zosaposa 42 pamzere, liwiro losaposa zilembo 20 pasekondi kwa akuluakulu ndi 17 kwa ana, ndiponso chigawo chimodzi chisakhale pasikirini kupitirira masekondi 7. A BBC amalangiza mawu 160 mpaka 180 pamphindi. Manambalawa anapangidwira munthu wokhala pasofa, amene wawerenga mawu a pakanema kuyambira ali mwana. Muyezo wa mawu pamphindi suthandizanso pa Chichewa, chifukwa liwu lathu limodzi monga «musanayambe» limanyamula zimene Chingerezi chimagawa m'mawu atatu. Ife tiwerenge zilembo, pamodzi ndi mipata yake. Kwa woonera wa m'basi, amene foni ikuvina m'manja ndipo maso akuthawira kunja kuona ngati wafika pa siteji, ine ndimalangiza zilembo 12 mpaka 15 pasekondi, ndi mzere wosaposa zilembo 30 pakanema woimirira.

Tiyeni tiyese ndi mlangizi uja. M'masekondi asanu oyamba akunena kuti: «Ndiye eti amayi, choyamba chimene muyenera kuchita musanayambe china chilichonse ndi kusamba m'manja ndi sopo.» Chiganizochi chili ndi zilembo 110. Kugawa ndi masekondi 5, tikupeza zilembo 22 pasekondi, kuposa ngakhale malire a munthu wa pasofa, ndipo pamizere ya zilembo 30 chingadye mizere inayi. Kulemba liwu ndi liwu apa n'kumunamiza woonera kuti wapatsidwa zonse, pomwe awerenga theka, mawu n'kuzimirira asanafike pa «sopo», liwu limene chiganizo chonse chimalondola.

M'masekondi 7 otsatira akuti: «Mukatero mutenge madzi otetezedwa, owiritsa kapena othira mankhwala aja, okwana lita imodzi, osati kungoyerekeza ayi, lita imodzi yeniyeni.» Izi ndi zilembo 139, pafupifupi 20 pasekondi. Zigawo zitatu zoyamba zikafupikitsidwa zingaoneke motere:

```
1
00:00:00,500 --> 00:00:05,500
Amayi, musanayambe chilichonse
sambani m'manja ndi sopo.

2
00:00:05,700 --> 00:00:09,200
Tengani madzi owiritsa
kapena othira mankhwala,

3
00:00:09,300 --> 00:00:12,800
okwana lita imodzi yeniyeni,
osati yongoyerekeza.
```

Chigawo choyamba chatsika kuchoka pa zilembo 110 kufika pa 55, zimene ndi 11 pasekondi. Chachiwiri ndi chachitatu zili pakati pa 13 ndi 14. Taonani chimene chachotsedwa: «ndiye eti», «chimene muyenera kuchita», «mukatero», ndi kubwereza kwa «lita imodzi». Taonaninso chimene chasiyidwa dala. «Amayi» akanatha kuchoka, chiganizo n'kukhala «Choyamba, sambani m'manja ndi sopo», zilembo 34 zokha. Koma nthawi inalipo yokwanira, ndipo liwu limenelo ndi limene likusonyeza kuti mlangizi akuyankhula ndi munthu mwaulemu, sakuwerenga chikwangwani. Woonera wosamva phokoso samva kufewa kwa mawu ake. Ulemu wonse uli m'zilembo. Chimodzimodzi «yeniyeni, osati yongoyerekeza»: mlangizi anatsindika pamenepo chifukwa madzi akachepa, mchere ndi shuga zimachuluka mphamvu kuposa muyezo, ndipo akachuluka mankhwalawo amasukuluka. Kutsindika kumene khutu likanamva kuyenera kupulumuka m'zolembedwa.

Podula mzere, dulani pamene munthu angapumire. «Madzi owiritsa» zikhale pamodzi. «Ndi» asatsale yekha kumapeto kwa mzere, «sopo» ali pansi. Ndipo siyani kampata kakang'ono pakati pa zigawo, ngati kaja ka pakati pa 00:00:05,500 ndi 00:00:05,700, kuti diso lizindikire kuti mawu asintha. Zigawo ziwiri zofanana kutalika zikasinthana popanda mpata, munthu amene anaphethira amaganiza kuti akuonabe zakale.

Pali malo amodzi m'kanemayu pamene kufupikitsa kungavulaze mwana. Chakumapeto mlangizi akuchenjeza kuti madzi osungunula kalewo asagwiritsidwe ntchito pakadutsa maola 24. M'Chichewa kukana kumabisala m'kati mwa liwu: «mumwetse» ndi «musamwetse» zimasiyana ndi zilembo ziwiri zokha, ndipo basi ikagunda dzenje, zilembo ziwirizo n'zosavuta kuzidumpha. Choncho chenjezo lisaikidwe kumapeto kwa mzere wautali. Liyambe chigawo, lipatsidwe nthawi yoposa zinzake, ndipo litsatidwe ndi lamulo losakhala ndi kukana: «Musamwetse mwana otsala akatha maola 24», kenako chigawo chakechake, «Atayeni, musungunule ena.» Amene waphonya «sa» uja agwidwa ndi «atayeni».

Kufupikitsa kuli ndi malire ake ena. Ngati woyankhula ndi nduna, mboni ya ngozi, kapena munthu amene mawu ake angadzatsutsidwe, simuli ndi ufulu womukonzera ziganizo. Chotsani zodzikoka pakhosi zokha, otsalawo akhale ake. Akathamanga kwambiri, njira ndi kudula kanemayo m'malo opumira n'kuikapo chithunzi china kwa sekondi imodzi kapena ziwiri kuti mawu apeze malo, osati kumuika mkamwa zimene sananene. Kumbukiraninso kuti anthu osamva, amene amadalira mawuwa tsiku lililonse, ambiri amawerenga milomo ndipo amaona pamene zolembedwa zasiyana ndi zonenedwa.

Phokoso limene lili ndi tanthauzo lilembedwenso. Mwana akalira kuseri ndipo mlangizi n'kucheuka, woonera wa duu sadziwa chamucheutsa; kalembedwe kakafupi m'mabulaketi, monga [mwana akulira], kamathetsa funsolo. Wofunsa mafunso akakhala kuti sakuoneka pachithunzi, yambani mzere wake ndi kamzere kapena dzina la udindo wake, kuti funso lisaoneke ngati lanenedwa ndi amene akuyankha. Nyimbo yongokometsera ya kumbuyo, isiyeni.

Mitu ikuluikulu yokha

Njira yachitatu imasiya zoyankhula zonse n'kuika pasikirini mfundo zokha, m'zilembo zikuluzikulu: «1. Sambani m'manja», «2. Madzi otetezedwa, lita imodzi», «3. Paketi yonse», «4. Tayani pakatha maola 24». Mutu uliwonse umakhala nthawi yonse imene sitepeyo ikuchitika, mwina masekondi 8 kapena 10.

Njirayi anthu amaipeputsa, koma pali malo pamene imapambana zonse. Ganizani za sikirini yopachikidwa kutsogolo kwa basi yaikulu ya pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, kapena wailesi yakanema ya pamzere wa kubanki kapena podikirira kuchipatala, imene aitsitsiratu mawu. Woonera ali patali mamita angapo, ndipo wayamba kuyang'ana kanema ali pakati. Mizere iwiri ya tizilembo sangaione. Mawu anayi akuluakulu awaona, ndipo nambala ya sitepe imuuza kuti waphonya ziwiri, adikire kanema abwerere. Imathandizanso owerenga pang'onopang'ono, amene zilembo 12 pasekondi zikadali liwiro lalikulu kwa iwo.

Imagwira ntchito pokhapokha chithunzi chikunyamula phunzirolo pachokha. Kusungunula ORS, kubzala chimanga pamizere, kulembetsa nambala pafoni, zonsezi manja amazionetsa. Koma ikani mutu umodzi pansi pa munthu amene akufotokoza maganizo ake kwa masekondi 20, woonera aona milomo ikunena zambiri pamene iye wapatsidwa mawu atatu, ndipo adziwa kuti akumanidwa. Chifukwa cha sitepe iliyonse chimatayikanso: mutu umanena kuti lita imodzi, koma sunena chimene chimachitika ukaphonya muyezo.

M'kanema wa mlangizi wathu, ndingaphatikize: mawu omata ofupikitsidwa m'malo mwake, ndi kamutu kamodzi pamwamba pamene pali muyezo, «LITA IMODZI», kokhala nthawi yonse imene jagi ikudzazidwa. Koma kamodzi kapena kawiri basi. Zolembedwa ziwiri zikamasintha nthawi imodzi, pamwamba ndi pansi, diso limasowa koyambira.

Mawu otumphuka

Awa ndi aja amabwera liwu limodzi kapena awiri pakati pa sikirini, akusintha mtundu motsatira pakamwa. Amagwira diso la munthu amene akuseweretsa chala pofuna kudutsa, ndipo pa nthabwala kapena kachidutswa ka nyimbo amakoma. Pa uthenga wofunika kuugwira, sindiwalangiza. Liwu lililonse limakhala pasikirini kachigawo ka sekondi, ndiye palibe kubwerera m'mbuyo ndi diso. Ukacheukira kondakitala kuti ulandire chenji, chiganizo chapita. Diso silipezanso mpata woona chithunzi, chifukwa likudikirira liwu lotsatira. Ndipo mawu athu aatali monga «akamatsegula» kapena «musanasungunule» sakwana m'zilembo zikuluzikulu zimene kalembedweka kamafuna: amadulidwa pakati kapena amachepetsedwa mpaka kusawerengeka. Ngati mukufuna kukongola kwake, sungani chiganizo chonse pasikirini n'kumangosintha mtundu wa liwu limene likunenedwa.

Woonera wa mu ofesi ndi wa m'basi si munthu mmodzi

Wa mu ofesi sikirini yake siigwedezeka, kuwala kuli bwino, ndipo nthawi zambiri kanema wake ndi wogona, wokhala ndi malo a zilembo 37 mpaka 42 pamzere. Angapirire zilembo 17 pasekondi. Chomuvuta ndi kudukizidwa: foni yalira, wina wabwera ndi pepala losainitsa, waimitsa kanema, wabwerera patapita mphindi khumi. Kwa iye chigawo chilichonse chizimveka pachokha. M'malo mwa «ameneyu», lembani dzina la chinthucho; chiganizo chisatambalale pa zigawo zinayi. Fayilo yapadera imamuyenera, ndipo ngati kanemayo ndi wa ku ntchito woti akagawidwa pa imelo kapena pa fulashi, mpatseni womata, chifukwa mafayilo awiri osiyana sachedwa kusiyana njira.

Wa m'basi amafuna zilembo zazikulu, zochepa, zokhalitsa, zomatidwa. Ndipo chigawo choyamba chioneke mkati mwa sekondi yoyamba. Kanema akayamba ndi chizindikiro cha bungwe chozungulira kwa masekondi anayi, kenako moni wautali wopanda cholembedwa, munthu wa duu amaganiza kuti kanemayu ngwofuna khutu, n'kudutsa.

Musanatulutse, yesani motere. Tumizani kanema womalizidwa pa WhatsApp ku foni ina, yotchipa, ya sikirini yaing'ono, kuti muone zimene kufinya kwachita. Tsitsani mawu mpaka ziii, tulukani nayo panja masana. Ipatseni munthu amene sanamvepo zimene mlangizi ananena, aonere kamodzi osaimitsa, kenako mumufunse: madzi ochuluka bwanji, paketi yonse kapena theka, otsala atani? Inu wolemba simungadziyese nokha, chifukwa mawuwo mumawadziwa pamtima ndipo liwiro lililonse limakuonekerani lokwanira. Akayankha molakwika pa funso limodzi, pitani pa chigawo chimenecho mu fayilo ya `.srt`, werengani zilembo zake, gawani ndi masekondi. Nambala ikaposa 15, chotsani mawu kapena onjezani nthawi. Ikakhala pansi pa 15 koma waphonyabe, yang'anani chimene chinali kuchitika pachithunzi nthawi imeneyo: kawirikawiri manja a mlangizi anali kuchita chinthu chokopa maso, ndipo mawuwo ayenera kubwera sekondi imodzi manjawo asanayambe.